Cha m'mbale ndi cha m'nkhokwe: mfundo 7 kwa wolemba mutu wa zotsatira

Mlendo akafika pakhomo timamuikira nsima m'mbale, yomukwana iyeyo. Akafuna kudziwa ngati chaka chino tinakolola, nkhokwe ili kuseri kwa nyumba, atha kukasuzumira. Buku la kafukufuku wa digiri lilinso ndi mbale yake ndi nkhokwe yake. Mbale ndi mutu wa zotsatira, umene m'mayunivesite ambiri umakhala chaputala 4. Nkhokwe ndi masamba a kumapeto, amene ophunzira amangoti apendikisi. Kwa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga mabuku a ophunzira zaulimi, ndaona kuti kugawa matebulo ndi magirafu pakati pa malo awiriwa kumaulula khalidwe la wolemba kuposa chaputala china chilichonse.

Ndifotokoza ndi chitsanzo chimodzi. Manambala ake ndawakonza ndekha kuti njira ioneke bwino, si a kafukufuku wa munthu aliyense. Tiyerekeze wophunzira wamkazi amene anayesa njira zinayi zolimira chimanga. Njira A inali yosathira feteleza. Njira C inali ya mlingo wonse wa makilogalamu 92 a naitirojeni pa hekitala, womwe ndi matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a yureya. Njira B inali ya theka la mlingowo, ndipo njira D inali ya theka lomwelo koma chimanga atabzala pamodzi ndi nandolo. Njira iliyonse anaibwereza m'mabuloko anayi, kotero munda unali ndi mapuloti 16. Minda inali iwiri, wina wa katondo wina wa mchenga, ndipo analima nyengo ziwiri. Mafunso ake anali atatu: njira iti ikubereketsa chimanga, kodi yankho likufanana m'minda yonse iwiri, nanga phindu la ndalama lili pati. Chaputala 4 chimene anabweretsa koyamba chinali ndi matebulo 41 ndi magirafu 18.

1. Thukuta lako si chifukwa chokwanira choikira tebulo patsogolo.

Mwa matebulo 41 aja, 24 anali a kutalika kwa chimanga. Ankayeza masabata awiri aliwonse, kasanu ndi kamodzi pa nyengo, m'minda iwiri, nyengo ziwiri. Nditafunsa kuti matebulo amenewa akuyankha funso liti mwa atatu aja, anakhala kaye chete, kenaka anati: "Aphunzitsi, mukanaona m'mene ndinkanyowera ndi mame poyeza zimenezi."

Ndinamumvetsa. Munthu amene wagwada m'mizere ndi tepi m'manja, matope ali m'maondo, safuna kuti ntchito yake ikakhale kumapeto kumene ena satsegulako. Koma woyesa akamawerenga chaputala 4 amakhala ataika chala pa tsamba la zolinga m'chaputala 1. Chimene akufuna ndi kuona funso loyamba likukumana ndi yankho lake. Akadutsa masamba khumi ndi asanu a masentimita asanafike pa zokolola, amafika atatopa, ndipo munthu wotopa sawerenga mwachifundo.

Njira yake ndi yapafupi. Lemba mafunso ako papepala limodzi, ndipo pansi pa funso lililonse ulembe chiganizo chimodzi chonena zimene wapeza. Ukatero tenga matebulo ako limodzilimodzi, ulifunse kuti likuchitira umboni chiganizo chiti. Limene lasowa chiganizo lichoke m'chaputalamo. Pusi anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma. Kwa wophunzira wathu, matebulo 24 aja anasanduka chithunzi chimodzi cha zigawo zinayi, chigawo chilichonse chikuonetsa mizere inayi ya kakulidwe ka chimanga m'munda umodzi pa nyengo imodzi. Manambala ake onse anapita ku apendikisi, osatayika ndi limodzi lomwe.

2. Chimene chingasinthe maganizo a wowerenga chisabisidwe kumapeto.

Mfundo iyi ndiyo mutu wa zonse. Wophunzira uja ankayembekezera kuti nandolo athandiza chimanga, ndipo tebulo limene anaika patsogolo linkagwirizana naye. Ataphatikiza minda yonse iwiri, njira B inabereka matani 2.5 pa hekitala, njira D matani 2.8. Pansi pake analemba kuti kubzala nandolo kumawonjezera zokolola.

Tebulo losiyanitsa mindayo ndinakalipeza pa tsamba lachisanu ndi chinayi la apendikisi. M'munda wa katondo njira B inabereka matani 3.0 pamene D inabereka 3.8. M'munda wa mchenga B inabereka 2.0, D inabereka 1.8. Muyeso wa LSD, womwe umanena kusiyana kochepetsetsa kumene tingakukhulupirire, unali matani 0.5. Ndiye kuti ku katondo njira ya nandolo inapambana ndithu ndi matani 0.8, koma ku mchenga sitinganene kuti inasintha kanthu. Matani 0.3 a patsogolo aja anali avareji ya nkhani ziwiri zosiyana, ndipo panalibe munda umene unaonetsa nambala imeneyo.

Sanane bodza. Nambala iliyonse inali yoona ndipo inali m'bukumo. Koma kuika choonadi pamalo pamene ukudziwa kuti anthu safikapo ndi mchimwene wake wa bodza. Mlangizi wa zaulimi amene angawerenge chaputala 4 chokha akhoza kukauza alimi a ku dothi la mchenga kuti achepetse feteleza n'kudalira nandolo, pamene umboni wa dothi lawolo sukunena zimenezo.

Tsono tebulo lililonse limene ukufuna kulikankhira kumapeto ulifunse funso ili: woyesa akaliona atamaliza kale kuwerenga chaputala changa, adzangogwedeza mutu, kapena adzabwerera m'mbuyo ndi cholembera chofiira? Ngati adzabwerera, malo ake ndi patsogolo. Lamulo lake m'masamu a kafukufuku ndi lomweli: ukapeza kuti njira ndi malo zikukokana, ndiye kuti yankho likudalira malo, ndipo tebulo la munda uliwonse paokha ndilo tebulo lalikulu. La avareji ya zonse ndilo lingapite kumapeto kapena kuchokeratu. Chotsatira chimene sichinakusangalatse chikhale patsogolo ngati chinzake chimene chinakusangalatsa, malinga ngati chikuyankha funso limene unalonjeza kuyankha.

3. Zimene kompyuta yalavula si tebulo lako.

Matebulo 8 mwa aja anali okopedwa monga momwe anatulukira mu GenStat, mizere yake, mitu yake yachidule ndi manambala a madijiti asanu ndi limodzi kuseri kwa kadontho. Ena amachita zomwezo ndi SPSS kapena R. Zimenezi zili ngati kupereka chimanga chosapeta. Sikelo ya kumunda inkawerenga mpaka magalamu 10, ndiye kulemba kuti zokolola zinali matani 3.841667 ndi kudzitama ndi kulondola kumene sikelo inalibe.

M'chaputala cha zotsatira mumafunika tebulo limene walikonza ndi manja ako. Likhale ndi njira zinayi m'mizere, minda ndi nyengo m'magawo, maavareji a dijiti imodzi kapena awiri kuseri kwa kadontho, ndipo pansi pake LSD kapena muyeso wina wa kumwazikana kwa manambala, kuchuluka kwa mabuloko ndi mlingo woyezera. Za F, madigiri a ufulu ndi p zimakwana m'chiganizo chimodzi kapena mzere umodzi. Tebulo lonse la ANOVA lipite ku apendikisi, pamodzi ndi zithunzi zoyesera ngati manambala akutsata zimene njirayo imafuna.

Koma pano pali msampha. M'munda wa mapuloti 16, madigiri a ufulu amagawika motere: 3 a mabuloko, 3 a njira, 9 a zotsalira, onse pamodzi 15. Mu tebulo limodzi la wophunzira wathu, pa zotsalira panali 8. Woyesa wozolowera amaona nambala imeneyo msanga, ndipo amadziwa kuti puloti imodzi yasowa. Nditafunsa, yankho linali lakuti mbuzi za m'mudzimo zinalowa sabata ziwiri asanakolole n'kudya puloti ya m'mphepete. Mbuzi kudya chimanga si mlandu wa wofufuza. Mlandu ndi kusiya kuti woyesa adzitulukire yekha kumapeto kwa buku. Tebulo likhale ku apendikisi, koma chiganizo chonena kuti puloti imodzi ya njira yakutiyakuti inatayika, chifukwa chake ndi m'mene unachitira powerengera, chikhale m'chaputalamo. N'chimodzimodzi ndi kaufiti amene ankawerenga m'mapuloti. Mapuloti ambiri analibe ndi mmodzi yemwe pamene ochepa anali ndi makumimakumi, ndipo anayenera kusintha manambalawo ndi log(x + 1) asanawayeze. Chithunzi chosonyeza vutolo ndi cha kumapeto, koma mawu akuti ndinasintha ndi a patsogolo.

4. Nkhani imodzi, mboni imodzi.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pa magirafu 18 aja, 11 ankabwereza manambala a tebulo la pamwamba pake. Wowerenga amaima n'kumafanizira, kufunafuna chimene girafu yanena chimene tebulo silinanene, osapeza kanthu. Choipa kwambiri chimabwera pokonza. Wophunzira akapeza cholakwika amasintha tebulo n'kuiwala girafu, ndipo patsiku loteteza kafukufuku amafunsidwa kuti zoona ndi ziti.

Sankha chimodzi, ndipo posankha udzifunse chimene wowerenga achite nacho. Ngati akufuna nambala yeniyeni yoti akawerengere nayo, monga zokolola zimene zikalowe m'masamu a phindu, mpatse tebulo. Ngati akufuna kuona maonekedwe, monga kukwera ndi kuima kwa kakulidwe, kapena mizere ya katondo ndi mchenga ikupita kosiyana, mpatse girafu, manambala ake akhale ku apendikisi.

Pali pamene nambala yokha singakwane. M'chaka cha 1973 katswiri wa masamu a chiwerengero Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11. Onse anayi ali ndi avareji yofanana, mgwirizano wofanana wa pafupifupi 0.82, ndi mzere wofanana wa y = 3 + 0.5x. Ukawajambula umapeza kuti gulu lina ndi lokhota ngati uta, lina lonse likukokedwa ndi kadontho kamodzi kakutali. Wophunzira wathu analemba kuti kaufiti akachuluka zokolola zimatsika, napereka nambala imodzi ya mgwirizano, chithunzi cha timadontho n'kuchisiya kumapeto. Titachiyang'ana tinaona kuti mzere wonse unkakokedwa ndi mapuloti atatu a pangodya imodzi ya munda wa mchenga. Pamenepo chithunzicho ndicho chinali mboni yoona, ndipo chinabwera patsogolo pamodzi ndi mawu ofatsa kuposa oyamba aja.

5. Malo a chinthu amadalira ntchito yake m'nkhani yako.

Ophunzira amakonda kufunsa kuti tebulo la mvula limakhala kuti, ngati kuti pali mndandanda wolembedwa kale wa zinthu za kumapeto. Mndandanda wa sukulu ulipo ndithu, ndipo uyenera kuutsata pa kalembedwe, koma suyankha funso ili. M'nyengo yoyamba ya chitsanzo chathu mvula inagwa bwino. Tebulo la mvula ya tsiku ndi tsiku, la mizere yoposa 150 pa munda uliwonse, linali longosungira, ndipo malo ake anali apendikisi. M'nyengo yachiwiri kunachita ng'amba ya masiku 18 ku munda wa mchenga, nthawi yomwe chimanga chinkamasula ndi kutulutsa ndevu. Imeneyo ndiyo nthawi imene chimanga chimavutika kwambiri ndi kusowa kwa madzi, chifukwa ndevu zimachedwa kutuluka pamene mungu wa ku ngayaye wayamba kale kuyoyoka, ndipo zisononkho zimakhala ndi magwelu. Popanda kuona ng'ambayo, wowerenga sangamvetse chifukwa chake njira zonse zinatsika nyengo imeneyo.

Choncho mvula yomweyo inagawika pawiri. Girafu imodzi ya mvula ya masiku khumikhumi, yokhala ndi kachizindikiro pa sabata imene chimanga chinamasula, inalowa m'chaputala 4. Manambala a tsiku ndi tsiku anatsala kumapeto. Zotsatira za dothi zinayenda chimodzimodzi: mizere iwiri yofotokoza minda inapita ku chaputala cha njira za kafukufuku, pepala lonse la ku labotale ku apendikisi. Wina amene funso lake lili pa dothi lenilenilo, pepala lomwelo akanaliika pakati pa zotsatira zake.

6. Nkhokwe si dzala.

Titachotsa zonsezo, wophunzira uja anaunjika matebulo otsalawo kumapeto monga anabwerera, opanda mitu, ena opanda mlingo woyezera, magawo ake olembedwa T1 ndi T4 pamene m'chaputala ankati A ndi D. Anati, "Poti kumeneko sawerengako, Aphunzitsi." Ndinamuyankha kuti amene amawerengako ndi anthu awiri oyenera kuwaopa: woyesa amene wakayikira, ndi wophunzira wa zaka zisanu zikubwerazi amene akufuna kubwereza ntchitoyi.

Apendikisi yabwino imalola munthu kutenga nambala imodzi ya patsogolo n'kuilondola mpaka kumunda. Tiyese ndi puloti imodzi ya njira D ku katondo. Anakolola mizere itatu ya pakati, iliyonse yotalika mamita 5, yotalikirana masentimita 75, ndiye kuti malo a masikweyamita 11.25. Chimanga chotonola chinalemera makilogalamu 4.5, chinyezi chake chili pa 16 peresenti. Kuti chifike pa 12.5 peresenti timachulukitsa 4.5 ndi 84, n'kugawa ndi 87.5, ndipo timapeza makilogalamu 4.32. Tikagawa ndi 11.25 n'kuchulukitsa ndi 10,000 timapeza makilogalamu 3,840 pa hekitala. Ngati tebulo la kumapeto lili ndi mizere 64, umodzi wa puloti iliyonse pa nyengo iliyonse, ndi magawo a kulemera, chinyezi ndi kukula kwa malo, aliyense atha kuchita masamu amenewa yekha. Ngati lili ndi 3,840 yekha, wowerenga akungopemphedwa kukhulupirira.

Kasanjidwe kake kalinso ndi mwambo. M'kalembedwe ka APA, maapendikisi amatchedwa ndi zilembo A, B, C motsata m'mene atchulidwira m'buku, ndipo matebulo ake amatenga chilembocho, monga Table B1 ndi Table B2. Iliyonse iyenera kutchulidwa m'kati mwa buku. Potchula uloze tebulo lenilenilo, osangoti onani kumapeto. Ukapeza tebulo limene palibe chiganizo chilichonse chikuloza, ndiye kuti palibe amene akulifuna.

7. Pali zina zosayenera m'mbale ngakhale m'nkhokwe.

Minda iwiri ija inali ya alimi, ndipo pofuna kudziwa ndalama zolowa, wophunzira anafunsanso mabanja ena za mitengo ya ganyu ndi ya feteleza. Pofuna kuonetsa kuti anagwiradi ntchito, anaika kumapeto fomu zodzazidwa, maina a alimi, nambala zawo za foni, midzi yawo, ndi ndalama zimene banja lililonse linapeza. Anaiwala kuti patsamba lina la apendikisi yomweyo panali kalata yopempha chilolezo, momwe analonjeza kuti zonenedwazo zikhala zachinsinsi. Buku la digiri limakakhala ku laibulale, ndipo masiku ano ambiri amaikidwa pa intaneti. Mayi amene ananena ndalama zake pansi pa mtengo wa mango ankalankhula ndi munthu mmodzi.

Ku apendikisi kumapita fomu yosadzaza, kalata ya chilolezo yosasaina, chivomerezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndi manambala amene maina asinthidwa kukhala zizindikiro. Mndandanda wolumikiza zizindikirozo ndi maina umakhala kwa wofufuza, kunja kwa buku. Chithunzi cha munda chosonyeza kaufiti chingalowe. Cha nkhope ya mwini munda chimafuna chilolezo chakechake. Kunja kwa buku kumatsalanso zoyesayesa zonse zimene sizinalowe m'chiganizo chilichonse, ngakhale unachezera nazo usiku.

Chaputala 4 chimene wophunzira wathu anabweretsa kachiwiri chinali ndi matebulo 5 ndi zithunzi 4. Matebulo anali a zokolola za chimanga munda uliwonse paokha, chidule cha ANOVA, zokolola za nandolo, kaufiti, ndi phindu la ndalama. Zithunzi zinali za mvula, kakulidwe, kukokana kwa njira ndi dothi, ndi timadontho ta kaufiti tija. Pa chithunzi cha kukokana tinalola kuti manambala abwerezedwe, chifukwa ndipo panagona funso lachiwiri. Kumapeto kunali maapendikisi asanu, A mpaka E, iliyonse ndi chiganizo chake choiloza. Atandipatsa anadandaula kuti buku lapepuka, ngati sanagwire ntchito zaka ziwiri. Ndinatsegula pa tebulo loyamba n'kumuuza kuti andiwerengere mzere wa mchenga. Anawerenga 2.0 ndi 1.8, kenaka chiganizo chimene analemba yekha pansi pake, chakuti m'dothi limenelo nandolo sanawonjezere chimanga. Ndinamufunsa ngati angathe kuchinena chiganizo chimenecho ataimirira pamaso pa oyesa, ndiponso pamaso pa mwini munda uja. Anati angathe, ndipo ndinasaina.